Pepala la masamu la Yamikani: zosindikiza ndi ziti, za pensulo ndi ziti?

Amayi a Tadala: Mwaswera bwanji abale nonse. Aphunzitsi muli pa gulu pano ndithandizeniko nzeru. Yamikani, mwana wa achemwali anga, ndikukhala naye kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ali Giredi 7 ndipo mayeso a boma a ZIMSEC ayandikira. Wabwera ndi pepala la masamu kuti tizibwereza madzulo, koma ndi fotokope ya pepala limene iye mwini analembapo kale ndi pensulo teremu yoyamba. Lenilenilo aphunzitsi ake anangowabwereka bambo ake, ndipo linabwerera kusukulu. Tsopano zonse zatuluka zakuda mofanana, sindikudziwa pamene funso lathera ndi pamene dzanja la mwana layambira. Nambala 12 yangolembedwa kuti 3/4 = 11/12. Nambala 7 pali 4 003 kuchotsera 1 768, pansi pake 3 765. Ndikamufunsa akungoti zyoli, akuti sakukumbuka. Ndajambula, chithunzi ndi icho.

Che Saidi: Nkhani yosavuta iyi mayi. Tengani labala mufufute. Chimene chachoka ndi pensulo, chimene chatsala ndi funso. Basi.

Nagama: Ine ndikuona ngati mwanayu wakutolani. Wabwera ndi pepala la mayankho kale kuti azingokopera, inu muziti akuwerenga. Wanga wachiwiri ankatero. Mulandeni pepalalo, ndipo aone nkhope yosaseka.

Amayi a Tadala: Ayi Nagama, si zobera. Mayankhowo ndi ake omwe, ndipo ndikukayika ngati ali okhoza. Akanakhala wakuba akanaba zabwino. Che Saidi, labala ndayesa, palibe chachoka, pepala langoyamba kunyuka.

A Kamanga: Siyani labalayo mayi, mung'amba pepala. Ine ntchito yanga ndi makina a fotokope, pafupi ndi Copacabana, ndiye izi ndimaziona tsiku lililonse. Zimene anena Che Saidi ndi zoona pa pepala lenileni lokha. Makina sadziwa kuti ichi ndi pensulo, ichi ndi chosindikiza. Chilichonse chakuda chimene aona amachilemba ndi ufa umodzimodzi, ndipo ufawo amauwotcha kuti umatirire papepala. Ukamatirira sufufutika. Ndiye papepala lanulo pensulo mulibemo, muli chithunzi cha pensulo chabe.

Mukanakhala ndi lenilenilo, njira zilipo zosafuna ndi labala yemwe. Mumapendeketsa pepala pa kuwala: pensulo imanyezimira ngati chitsulo, makamaka pamene mwana anatsindika. Mukalitembenuza n'kusisita kumbuyo ndi chala, mumamva timizere totukuka pamene nsonga inadinda. Ngakhale zimene anafufuta kale zimaoneka mukazimitsa nyali n'kugoneka tochi ya foni m'mbali mwa pepala, chifukwa tingalande timene pensulo inasiya timachita mthunzi. Pa fotokope zonsezi palibe.

Che Saidi: Chabwino, ndamva. Komatu pensulo imatuluka yotuwa pa fotokope, siyoderapo ngati zosindikiza. Akayang'anitsitsa aona.

A Kamanga: Nthawi zina inde, Che Saidi, koma osadalira. Zimatengera pensulo yake ndi mmene wokopayo anatchera makina. Pensulo ya HB, mwana akalemba mopepuka, imatuluka yodukaduka ngati timadontho. Ya 2B ndi yofewa, imasiya zakuda zambiri, ndiye imatuluka bii. Komanso ambirife tikaona pepala lofooka timakweza `Density` kapena kuika pa `Text` kuti kasitomala asadandaule kuti sizikuwerengeka. Pamenepo chotuwa chilichonse chimasanduka chakuda kapena kusoweratu, pakatikati palibe. Pachithunzi cha mayiwa ndikuona kuti anakweza ndithu, onani m'mphepete mwadera.

Mphatso: Anti, chithunzicho chafika chosaoneka bwino, WhatsApp imachepetsa zithunzi. Jambulaninso pafupi ndi windo, osayatsa fulashi, ndiye mutumize ngati `Document`. Mujambule theka la tsamba lokha kuti manambala akule.

Amayi a Tadala: Ndatumizanso mwanawe. Zikomo.

Aphunzitsi Mwale: Ndafika mochedwa, magetsi anazima kuno ku Highfield. Ndaliona pepalalo bwinobwino tsopano. Mayi a Tadala, mtundu wa inki usiyeni, yang'anani maonekedwe a manambala. Makina osindikizira alibe dzanja. Akalemba 7 pamwamba pa tsamba, 7 wa pansi amakhala yemweyo ndendende, msinkhu umodzi, kupendekeka kumodzi. Ndiye pezani nambala imene mukutsimikiza kuti ndi yosindikiza, monga nambala ya funso kapena ya tsamba, muiyerekeze ndi imene mukuikayikira.

Tiyambe ndi nambala 7. Onani 7 wa mu 1 768 ndi 7 wa mu 3 765. Woyambayo ndi wowongoka, wachiwiriyo ali ndi kamzere pamimba ndipo watsamira kumanja. Onani 3 wa mu 4 003 ndi 3 woyamba wa yankholo, wayankholo ndi wamkulu, mimba yapansi yalendewera kupitirira mzere. Ndiye 3 765 ndi dzanja la Yamikani, palibe chokayikitsa.

Nambala 12 ndi yonyenga pang'ono chifukwa 11 ndi timizere tiwiri chabe, mwana aliyense angatilembe mowongoka. Koma 1 wosindikiza wa mu 12 pansipo ali ndi kamlomo pamwamba ndi kaphazi pansi, pamene awiri apamwambawo ndi timitengo chabe, ndipo wina ndi wamtali kuposa mnzake. Mukakulitsa chithunzicho muonanso kabokosi kofooka kowazungulira, mbali imodzi inadyedwa ndi makina. Funso linali 3/4 = kabokosi pamwamba pa 12.

Ndipo pali njira ina yosafuna maso akuthwa. Funso lililonse limapempha kanthu. Mukawerenga n'kupeza kuti palibe chimene likukufunsani, palibe mpata wolembapo, palibe mawu akuti nenani ngati ndi zoona, dziwani kuti wina anadzaza kale mpatawo.

Amayi a Tadala: Eee, kabokosiko ndakaona tsopano! Ine ndimayesa ndi litsiro. Ndiye zonse ziwiri analakwa eti? Ndimuitane tikonze?

Aphunzitsi Mwale: Analakwa, koma musamuitane msanga. Yambani mwamvetsa inuyo chimene ankaganiza, chifukwa mayankho awa si ongolota. Taonani 3 765. Kumanja kwenikweni kuli 3 pamwamba, 8 pansi, iye analemba 5. Kenako 0 ndi 6, analemba 6. Kenako 0 ndi 7, analemba 7. Pomaliza 4 ndi 1, analemba 3. Mwaona? Pamzere uliwonse akuchotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, osasamala kuti ili pamwamba ndi iti. Ana ambiri amagwa pamenepa, chifukwa ali aang'ono tinawauza tokha kuti sungachotse chachikulu pa chaching'ono, ndiye iwo amangotembenuza kuti zitheke.

Zimene zikutanthauza kuti mwanayu manambala amawandandalika bwino, ndipo 8 kuchotsera 3 amadziwa. Chikusowa ndi chimodzi, kubwereka. Ndawerenga tsamba lonse: nambala 5 anakhoza chifukwa panalibe pobwereka, nambala 7 ndi 9 analakwa mwanjira imodzimodziyo. Mukamuuza kuti walakwa ziwiri amva kuti masamu sawatha. Zoona zake n'zakuti pali kachizolowezi kamodzi koti achotse.

Nagama: Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, mwana wa Giredi 7 osadziwa kubwereka? Izi ndi za Giredi 3. Kumunyengerera ndi kumene kwamufikitsa apa. Ife kwathu ku Dedza ukalakwa samu aphunzitsi ankathetha ndi inki yofiira tsamba lonse, mawa lake unkabwera utadziwa.

Gogo Nabanda: Nagama mwana wanga, ena ankabwera atadziwa, ena sankabweranso. Mdzukulu wanga wa kuno ku Dzivarasekwa anasiya kundionetsa makope ake chifukwa amalume ake ankawerenga zolakwa zake mokweza pakhonde anthu akuseka. Mpaka pano akalemba amaphimba ndi mkono. Koma ine funso langa ndi lina, poti aphunzitsi muli pompano. Iyeyu amatsindika pensulo mpaka kuboola pepala. Ndimugulire yotani?

Aphunzitsi Mwale: Gogo, musamugulire ya H, ndi yolimba ndipo imalemba motuwa, ndiye mwana amatsindika kwambiri kuti zioneke. HB yabwino ndi yokwanira, osaisongola kwambiri, ndipo pansi pa pepala aziikapo kope m'malo molembera pa tebulo penipeni.

Nagama, sindikunena kuti amubisire kuti analakwa. Cholakwa chitchulidwe, koma achipeze yekha. Inu mukathetha, iye amangodziwa kuti 3 765 si yankho. Sadziwa chifukwa chake, ndipo mawa adzachitanso chimodzimodzi pa manambala ena.

Mayi a Tadala, chitani chonchi. Phimbani yankho lakalelo ndi kapepala, mumupatse samuyo pa kope lina ngati yatsopano. Papita miyezi, mwina anaphunzira kale kubwereka, ndiye mungamukalipire pa chinthu chimene anasiya. Akapeza 2 235, vundukulani lakalelo mumuuze kuti, "Taona, wa teremu yoyamba uja analemba izi. Ukuganiza kuti anasokonezeka pati?" Mwana amalankhula momasuka za cholakwa chakale kusiyana ndi cha lero.

Akabwerezanso 3 765, musanene kanthu za yankholo. Mufunseni kuti 1 768 ili pafupi ndi 1 000 kapena 2 000. Akati 2 000, mufunseni kuti munthu ali ndi 4 000 akawononga pafupifupi 2 000 angatsale ndi zingati. Akati cha m'ma 2 000, mulozereni yankho lake, mukhale chete. Kukhala cheteko ndi kovuta kwa ife akuluakulu, koma dikirani. Kenako aphatikize 3 765 ndi 1 768. Apeza 5 533 m'malo mwa 4 003, ndipo pamenepo ndi samu imene ikumutsutsa, osati azakhali ake.

Che Saidi: Anti ake kapena mayi ake aang'ono, aphunzitsi, poti ndi mwana wa achemwali awo. Koma pitirizani, ndikutsatira. Ine pa msika ku Mbare ana ngati amenewa amabweza chenji osalakwitsa, koma papepala zimawakanika.

Aphunzitsi Mwale: Mwandikonza bwino Che Saidi, mayi ake aang'ono. Ndipo za chenjizo ndi kumene ndimapita. Musayambe ndi 4 003, ili ndi maziro awiri, ndi yovuta. Tsikani pa 43 kuchotsera 18. Mwanjira yake yakale apeza 35. Ndiye dulani timapepala, tinayi mulembe $10, titatu mulembe $1, mumuuze kuti akupatseni $18. Aona kuti ma $1 ali nawo atatu okha, ayenera kusintha $10 imodzi kuti akhale ndi ma $10 atatu ndi ma $1 okwana 13. Akapereka atsala ndi $25. Kubwereka ndi kumeneko, kusintha ndalama yaikulu kukhala zing'onozing'ono.

Akagwira pamenepo mubwerere ku 4 003. Ana amasochera pa maziro chifukwa amapita kwa 0 kukabwereka n'kupeza alibe kanthu. Muuzeni aphimbe 3 womalizayo ndi chala, awerenge zotsalazo: 400. Amenewo ndi ma $10 okwana 400. Akasintha imodzi atsala 399, ndipo 3 uja asanduka 13. Tsopano pamwamba pali 3, 9, 9 ndi 13. Achotse: 13 kuchotsera 8 ndi 5, 9 kuchotsera 6 ndi 3, 9 kuchotsera 7 ndi 2, 3 kuchotsera 1 ndi 2. Yankho 2 235. Nambala 9 musamuthandize, akonze yekha, ndi pamene mudziwe ngati zalowa.

Mphatso: Nanga 11/12 ija anaipeza bwanji? Ine ndayesa kuganiza sindikuona.

Aphunzitsi Mwale: Anaona kuti kuchoka pa 4 kufika pa 12 pawonjezeka 8, ndiye anawonjezeranso 8 pa 3. Nzeru yoti chimene wachita pansi uchitenso pamwamba anaimva, koma anaphatikiza m'malo mochulukitsa. Muyeseni ndi lamulo lake lomwelo: 1/2 ndi zingati pa 10? Akawonjezera 8 apeza 9/10. Mufunseni ngati munthu wodya magawo 9 a buledi wodulidwa pa 10 wadya theka. Aseka yekha. Kenako tengani zitsekerero za mabotolo 12, azigawe milu inayi yofanana, atenge milu itatu, awerenge. Apeza 9. Koma izi si za lero, mayi a Tadala. Lero kuchotsera kokha. Mafulakishoni mawa kapena mkuja.

Amayi a Tadala: Zikomo kwambiri aphunzitsi. Ndachita monga mwanenera. Samu ya 4 003 wabwerezanso 3 765 yomweyo. Pa 43 ndi 18 anayamba ndi 35, nditamupatsa timapepala tandalama anati, "Aa, ndiye ndimawabera anthu." Nambala 7 takonza limodzi. Nambala 9 wayesa yekha, wabwereka bwino koma waiwala kuchepetsa nambala imene wabwerekako. Ndamusiya kaye akadye.

Pali ina yandiimitsa mutu. Nambala 15. Ine ndikuwerenga 25 × 4, iye analemba 100, ndinati ndichonge. Koma pakati pa 2 ndi 5 pansi pali kadontho. Ndi chiyani kameneka?

Aphunzitsi Mwale: Kuiwala kuchepetsako ndi kwabwino kusiyana ndi kwa poyamba, ndiye kuti wayamba kubwereka. Azidula nambala imene wabwerekako n'kulemba yatsopano pamwamba asanachotse chilichonse.

Nambala 15 musachonge kaye. Inu munaphunzira ku Malawi kumene desimo imalembedwa ndi kadontho, koma mapepala a kuno amalemba ndi mpatuliro, 2,5. Ngati kameneko ndi mpatuliro wosindikiza umene wadyeka mchira, funso ndi 2,5 × 4, yankho ndi 10, ndipo 100 ndi yolakwa. Ngati ndi nsonga ya pensulo imene anagunditsa poganiza, funso ndi 25 × 4 ndipo anakhoza. Ine ndikupendekera ku 2,5 chifukwa nambala 14 ndi 16 zonse ndi za madesimo.

A Kamanga: Apa ndisiyana nanu pang'ono aphunzitsi. Mpatuliro wosindikiza umakhala ndi malo akeake, umakankha manambala kuti atalikirane. Ndayerekeza ndi 3,6 wa mu nambala 14, mpata wa pamenepo ndi wotakasuka, pamene 2 ndi 5 awa ayandikana ngati nambala imodzi. Komanso kadontho kotere kangakhale fumbi la pagalasi la makina. Mayi, onani masamba enawo: ngati pamalo omwewo, kutalika komweko kuchokera m'mphepete, palinso kadontho, ndiye ndi galasi lakuda, si mwana, si funso.

Amayi a Tadala: Ndaona masamba atatu enawo, palibe kadontho pamalopo.

A Kamanga: Ndiye fumbi lapagalasi tachotsa. Kwatsala pensulo kapena mpatuliro. Ine ndikadali pa 25.

Aphunzitsi Mwale: Mfundo ya mpata ndi yamphamvu a Kamanga, sindikukana. Koma mapepala a sukulu amataipidwa ndi aphunzitsi eni ake, ndipo ndaonapo wina ataiwala mpatuliro n'kudzauika ndi bolopeni asanakopetse. Zikatero mpata sukhalapo, koma funso ndi 2,5. Pa fotokope iyi sitingathe kugamula. Chimene sindingachite ndi kumuthetha mwana pa funso limene ife akuluakulu atatu tikulephera kuliwerenga. Muuzeni zoona, kuti pepala silikuoneka bwino apa. Ndiye mumufunse zonse ziwiri: 25 × 4, kenako 2,5 × 4. Akayankha 100 ndi 10, nkhani yatha, kaya funso linali liti. Akayankha 100 pa zonse ziwiri, mwapeza ntchito ya sabata yamawa.

Nagama: Pamenepo ndavomera, simungalange mwana pa cholakwa cha makina. Koma mayankho akalewo achotsedwe. Akamawaona tsiku ndi tsiku alowa m'mutu. Pakani tipekisi zonse ayambirenso.

Che Saidi: Apa ndili mbali ya Nagama. Mwana akaona yankho lili kale, dzanja limangotsatira.

Aphunzitsi Mwale: Pobwereza afunika pepala loyera, pamenepo tikugwirizana. Koma lakalelo lisatayidwe ndipo lisapakidwe. Ndi lokhalo limene likutiuza mmene mwanayu amaganizira, ndipo pakatha mwezi adzaliika pambali pa latsopano n'kuona yekha kusiyana. Chinanso, Pepala 1 la masamu a Giredi 7 ndi losankha pa A, B, C ndi D, ndipo mayankho olakwa amene amaikapo sangotola, amakhala amene mwana angapeze akalakwitsa mwanjira zodziwika ngati izi. Mwana amene waona 3 765 wake n'kumvetsa kumene anachokera sakodwa akakumana ndi wotere pamayeso.

Nagama: Inu ndinu aphunzitsi, koma wanga ndikanapaka.

A Kamanga: Zonse ziwiri zitheka. Mayi, kopetsani kamodzi, tipekisi mupake pa kope yatsopanoyo, iume bwino, ndiye mukopetsenso kuti mupeze loyera. Kapena dulani timapepala toyera mumate pa mayankho. Chenjerani ndi mzere wa fulakishoni, kabokosi kaja ndi chizindikiro chochotsera, izi zimapita limodzi ndi tipekisi munthu osazindikira, ndiye muzibwezeretse ndi bolopeni yakuda musanakopetse. Ndipo wina asakuuzeni kuti angochepetsa `Density` kuti pensulo isowe. Pa pepala ili sizingatheke, zonse ndi zakuda mofanana kale, chiyambe kusowa ndi kabokosiko.

Amayi a Tadala: Ndamufunsa zonse ziwiri. 25 × 4 wati 100 nthawi yomweyo. 2,5 × 4 waganiza nthawi yaitali, walemba 8,20, kenako wafufuta, wati ayesa mawa.

Mphatso: 8,20? Wachulukitsa 2 payekha ndi 5 payekha eti?

Aphunzitsi Mwale: Eya Mphatso, waona bwino. Mayi a Tadala, musiyeni agone. Mawa mufunseni mtengo wa zinthu zinayi za $2,50 chilichonse, muone ngati anenanso 8,20. Lolemba apemphe kwa aphunzitsi ake pepala lenileni lija, a Kamanga ndi ine tikufuna tione kadontho kaja pa kuwala.